Khasu, kaufiti ndi nyongolotsi imodzi: kuwerenga ndakatulo ya munda wa ku Angoniya

Msuweni wanga amaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi phiri la Domwe, ku Angoniya m'chigawo cha Tete ku Mozambiki, ndipo madzulo akamaliza kuchonga makope a ana amalemba ndakatulo kumapeto kwa kope lake. Chaka chatha anandiwerengera imodzi tili pakhonde tikutongola chimanga. Anandilola kuti ndiike pano, bola ndisamutchule dzina. Mutu wake ndi “Munda wa amayi”.

Chaka tinabwerera kuchokera ku Dedza
tsekera anatilandira pakhomo, wamtali kuposa bambo.
Khasu linalowa ngati m'phala,
chimanga chinabereka ana awiriawiri,
amayi anamanga nkhokwe yachiwiri.

Lero khasu likulira pa katondo,
likubwerera m'manja ngati lamenya mwala.
Mvula ikagwa sikhala pansi,
imangopereka moni, n'kunyamula ufa wa munda
kupita nawo ku Lifidzi, wofiira ngati wavulala.

Kaufiti wayala maluwa pakati pa mizere.
Anansi akuti, wina watilodza.
Amayi akuti, mfiti ili m'nkhokwe:
zaka makumi atatu tikututa,
tinabwezako chiyani?

Thumba la adubu ndi mlendo wa mwezi umodzi,
amadya nafe, sagona.
Msuku wa pamalire unasanduka mtanda wa chigafa,
bowa anasamuka osatsanzika.

Koma pansi pa msangu, pomwe ng'ombe zinkagona,
chimanga chikadali chakuda bii.
Amayi agwada, afukula ndi chala,
andionetsa nyongolotsi imodzi.

Kusukulu tinaphunzitsidwa kufunsa ndakatulo mafunso odziwika: akuyankhula ndani, ali ndi chimwemwe kapena chisoni, zifanifani zili pati, phunziro lake n'lotani. Tikafunsa motero, yankho limabwera msanga. Mwana akulira masiku akale a mwanaalirenji, munda ukuimira ukalamba wa amayi ake, ndipo phunziro ndi loti tizisamala chilengedwe. Yankholi si labodza, koma lataya pafupifupi zonse zomwe mlakatuli anavutikira. Lasandutsa katondo, kaufiti ndi msangu kukhala zokongoletsa chabe, ngati maluwa ojambula pa chitenje.

Pali kawerengedwe kena komwe akatswiri a zolembalemba amakatcha ekokiritisizimu. Dzinali linayamba kumveka mu 1978 m'nkhani ya William Rueckert wa ku Amereka, ndipo kawerengedweka kanafala m'zaka za m'ma 1990. Mfundo yake yaikulu ndi yosavuta kunena: nthaka, madzi, mitengo ndi tizilombo za mu ndakatulo zisaonedwe ngati bwalo lomwe anthu akuvinirapo, koma ngati ovina nawo gule. Wowerenga amafunsa kuti nthakayi ikuchita chiyani, chinaichitikira n'chiyani, ndipo zomwe mlakatuli wanena za iyo zikugwirizana bwanji ndi nthaka yeniyeni ya dera lomwe akulinena. Apa ife alimi tili ndi mwayi woposa wa ophunzira a m'tauni, chifukwa umboni womwe ndakatulo yatchula timaudziwa ndi manja athu.

Tiyambe ndi ndime yoyamba, yomwe ambiri angaidutse mwachangu poganiza kuti ndi chiyambi chabe cha “kale zinthu zinali bwino”. Taonani mawu oyamba enieniwo: chaka tinabwerera kuchokera ku Dedza. Munthu wa ku Angoniya kapena ku Tsangano safunika kuuzidwa kuti ndi chaka chiti. Nkhondo yapachiweniweni itakula m'zaka za m'ma 1980, midzi yambiri ya kuno inathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo anthu anayamba kubwerera pambuyo pa pangano la mtendere lomwe linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Banja la mu ndakatuloyi linabwerera cha mu 1993, ndiye zaka makumi atatu za mu ndime yachitatu zikutifikitsa cha mu 2023.

Tsopano funso la nthaka: pa zaka zomwe eni munda anali kothawa nkhondo, mundawo unkatani? Unagonera. Unali tsala. Tsekera wamtali kuposa bambo uja sanalembedwe kuti angoonetsa mudzi wosiyidwa. Udzu umenewo unkamera, kuuma, kugwa ndi kuolerana chaka ndi chaka, mizu yake ikuboola pansi, chiswe ndi nyongolotsi zikusakaniza zinyalala ndi dothi. N'chifukwa chake khasu linalowa ngati m'phala. Chonde chomwe woyankhulayo akuchikumbukira ngati chikhalidwe cha munda wa kwawo chinali chuma chosungika pa nthawi yomwe panalibe wolima. Nkhokwe yachiwiri ya amayi inadzazidwa ndi zaka za kuthawa nkhondo.

Mfundo imeneyi imandipweteka nthawi iliyonse ndikaiganiza, chifukwa ikutanthauza kuti nthawi yoipitsitsa pa moyo wa anthu athu inali nthawi yopuma ya nthaka yawo. Mlakatuli sananene zimenezi poyera. Anangoika Dedza pa mzere woyamba ndi tsekera pa mzere wachiwiri, n'kusiya kuti wodziwa munda alumikize yekha. Wowerenga amene angaphonye pamenepa adzaganiza kuti ndakatuloyi ikufuna tibwerere ku masiku akale. Koma masiku akale omwe ikuwanena palibe angawapemphe kachiwiri. Funso lomwe ndime yoyamba yabisa ndi loti munda ungapume bwanji eni ake alipo, akudya, ana achuluka, ndipo malo ogoneka tsala atha.

Mu ndime yachiwiri, njira yabwino ndi kutsata aneni, n'kuona kuti akuchita ntchito ndani. Khasu likulira, likubwerera. Mvula sikhala pansi, ikupereka moni, ikunyamula. Mtsinje wa Lifidzi wavulala. Munthu sakuonekamo, kupatula manja omwe khasu likubwereramo. Mu ndime yoyamba amayi ankamanga nkhokwe. Muno zinthu zayamba kuyenda zokha ndipo mlimi wangotsala wolandira zotsatira.

Kulira kwa khasu ndi mawu omwe aliyense wolima katondo wakale amawadziwa. Dothi lofiirali likataya zoolerana limaumbika, ndipo pansi pa mizere, pomwe khasu limalekezera chaka chilichonse, pamapangika chikhakha cholimba. Mukazula phesi la chimanga kapena fodya m'munda wotere, mupeza muzu wapita pansi pang'ono kenako wakhota n'kuyenda cham'mbali. Madzi nawo amalephera kulowa pomwepo. Ndiye fanizo la mvula ngati mlendo wosakhala pansi si lokometsera chabe. Kwathu mlendo wabwino amalandira mpando, amamwa thobwa, amacheza. Mvula yomwe “ikhala pansi” ndi yomwe yalowa m'nthaka. Iyi ya mu ndakatulo yaima pakhomo, yapereka moni, ndipo pochoka yatenga katundu wa eni nyumba.

Katundu wake mlakatuli wamutcha ufa wa munda, ndipo anasankha bwino. Madzi othamanga amayamba ndi kunyamula dothi losalala la pamwamba, lomwe muli zoolerana ndi chakudya cha mbewu, n'kusiya mchenga ndi timiyala. Kuchuluka kwake kumanyenga maso. Pa hekitala imodzi, dothi lokhuthala milimita imodzi yokha, pafupifupi ngati chikhadabo, limakwana makyubiki mita 10, ndipo kulemera kwake ndi pafupifupi matani 13. Amenewo ndi matumba 260 a makilogalamu 50. Munthu akakuberani matumba awiri m'nkhokwe mudzi wonse umva, koma matumba 260 a ufa wa munda amachoka mwakachetechete, mwini wake ali pakhonde akuthokoza mvula. Katswiri wina, Rob Nixon, mu 2011 anatcha kuonongeka kotere kuti nkhanza zoyenda pang'onopang'ono, kutanthauza chionongeko chomwe chilibe tsiku loti muloze, motero sichilowa m'nkhani za pawailesi. Namondwe Ana atagwetsa mlatho wa pa Revubwe pakati pa Tete ndi Mowatize mu Januwale 2022, dziko lonse linaona zithunzi. Dothi la minda ya kumtunda lomwe limafiiritsa mitsinje dzinja lililonse palibe amalijambula. Ndakatulo imatha kuchita zomwe chithunzi chimalephera: yaika 1993 ndi lero moyandikana, mizere inayi yokha pakati pake, kuti kusintha kwa zaka makumi atatu kuoneke ngati kwachitika usiku umodzi.

Mtima wa ndakatuloyi uli pa kaufiti, ndipo apa ndikhalitsapo.

Kaufiti ndi kachitsamba kakang'ono ka maluwa ofiira, kokongola ndithu, n'chifukwa chake mlakatuli akuti “wayala maluwa” ngati munthu wokonza ukwati. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, chomera chimodzi chimabala zikwizikwi, ndipo zimatha kudikira m'nthaka zaka zoposa 10. Sizimera mwachisawawa. Zimadikira mpaka muzu wa chimanga kapena mapira utadutsa pafupi n'kutulutsa timadzi tina, kenako kamuzu ka kaufiti kamalumikizika ku muzu wa chimanga n'kuyamba kuyamwa. Zonsezi zimachitika pansi, masabata angapo kachitsambako kasanatulukire kunja. Mlimi amangoona chimanga chikupinimbira ndi kufota ngati kuli ng'amba pomwe mvula ikugwa bwino. Pofika poti aone maluwa ofiira, zambiri zaonongeka kale. Makolo amene anakatcha dzina limeneli anaona bwino: kamadya usiku, mobisika, ngati mfiti.

Choncho anansi akamati “wina watilodza”, akungotsata dzina la chomeracho mpaka kumapeto kwake. Mlakatuli sakuwanyoza, ndipo wowerenga asawanyoze. Chomwe amayi akuchita ndi kulandira chiyankhulo cha ufiticho n'kuchitembenuza. Sakunena kuti kulibe mfiti. Akuti mfiti ilipo, koma ili m'nkhokwe. Apa nzeru za amayi zikugwirizana ndi zomwe ofufuza za ulimi anapeza: kaufiti amakula mphamvu m'munda woguga, wolimidwa chimanga chokhachokha chaka ndi chaka, chifukwa chimanga chosowa chakudya chimatulutsa kwambiri timadzi tija todzutsa njere zake. Kaufiti ndi chizindikiro cha njala ya nthaka asanakhale chifukwa cha njala ya anthu.

Nanga nkhokwe yalowamo bwanji? Tani imodzi ya chimanga, matumba 20, imachoka m'munda itanyamula makilogalamu pafupifupi 15 a nayitirojeni, kuphatikizapo fosifolasi ndi michere ina. Mapesi akaotchedwa posaka mbewa kapena posossa, nayitirojeni wambiri wotsala m'menemo amapita ndi utsi. Bwerezani zimenezi zaka 30. Nkhokwe yachiwiri ija, yomwe mu ndime yoyamba inali chizindikiro cha dalitso, mu ndime yachitatu yasanduka khomo lomwe chonde chinatulukira. Chinthu chimodzi chomwecho chaonekera kawiri ndi nkhope ziwiri, ndipo ndicho chamanga ndakatulo yonse pamodzi. Funso la amayi, “tinabwezako chiyani?”, likuchokera m'chikhalidwe cha kubwezerana chomwe timachidziwa pa dima, pa maliro ndi pa chinkhoswe. Mbale ya mnansi sibwerera yopanda kanthu. Amayi akuika munda m'gulu la anansi amene ali ndi ngongole yoti abwezeredwe.

Ndime yachinayi ili ndi msampha. Wowerenga wokonda chilengedwe akhoza kulumpha ndi chimwemwe n'kunena kuti mlakatuli akudana ndi feteleza, adubu monga timanenera kuno. Mawu ake sakutero. Mlendo amene amadya nafe si mdani. Vuto lake n'loti sagona. Thumba la makilogalamu 50 la yureya lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni, ndipo amagwiradi ntchito: masamba a m'munsi omwe anayamba chikasu kuchokera kunsonga kutsata mtsempha wa pakati amasiya kufalikira, munda umabiriwira. Koma nayitirojeni ameneyu sakhalitsa. Wina amadyedwa ndi mbewu, wina amatsika ndi madzi, wina amauluka ngati sanakwiriridwe. Sabweza zoolerana, safewetsa chikhakha, ndipo akathiridwa yekhayekha zaka zambiri amaonjezera asidi m'dothi. “Mwezi umodzi” ndi kukokomeza kwa mlakatuli, koma mfundo yake ndi yoona. Pali chinanso chobisika m'mawu oti “amadya nafe”. Ambiri kuno amalandira adubu pangongole ya fodya, ndipo pogulitsa amayamba adulidwa. Mlendoyu amadyadi m'mbale imodzi ndi ana.

Mzere wa msuku ndi umene umaonetsa kuti wolembayu ndi mwana wa dera lino. Munthu wakutali akamva za fodya ndi mitengo amaganiza za nkhuni zoochera fodya. Fodya wofala ku Angoniya ndi ku Makanga ndi bale, woumitsa ndi mphepo m'chigafa, ndipo mitengo imathera ku nsichi, mitanda ndi phaso, zomwe chiswe chimadya n'kufunika zina pakapita zaka zochepa. Mlakatuli akanalemba za utsi wa ng'anjo, tikanadziwa kuti wabwereka chithunzi cha kwina. Ndipo bowa sanasamuke chifukwa chosowa mthunzi wokha. Bowa wambiri wa m'thengo amene timadya amakhala molumikizana ndi mizu ya msuku, mombo ndi mitengo ina ya m'nkhalango zathu. Mtengo ukadulidwa n'kufa, bowa wake sameranso pamenepo. Mizere iwiri yokha yanyamula mndandanda wonse: ngongole ya fodya inafuna chigafa, chigafa chinadya msuku, ndipo ndiwo za dzinja zomwe amayi ankazula kwaulere zinatha. Masuku a ana a sukulu sanatchulidwe n'komwe, koma aliyense wakwathu awamva kusowa kwake.

Kawerengedwe aka kali ndi matenda ake, ndipo ndibwino kuwadziwa. Oyamba ndi kuthira mu ndakatulo mavuto onse a chigawo. Munthu akamva kuti Tete, maganizo amathamangira ku malasha a ku Mowatize ndi mabanja oposa 1,300 omwe anasamutsidwa cha mu 2009 ndi 2010, ambiri mwa iwo kupita ku Kateme, kapena ku damu la Kahora Basa lomwe linatseka Zambezi mu 1974. Nkhani zimenezo n'zazikulu ndipo zikufunika alakatuli ake. Koma mu “Munda wa amayi” mulibe fumbi la malasha ngakhale pang'ono. Iyi ndi ndakatulo ya kumtunda kozizira, kwa katondo, mbatatesi ndi nyemba, komwe nthaka sinalandidwe ndi kampani koma inatha m'manja mwa eni ake oikonda. Kuikakamiza kuti inene za mgodi ndi kuichotsera chomwe chili chake. Chimodzimodzi ndi kusintha kwa nyengo. Chilala cha 2015 mpaka 2016 ndi cha 2023 mpaka 2024 tonse tinachiona, koma mlakatuliyu sakudandaula kuti mvula sikugwa. Mvula yake ikugwa; chomwe chasintha ndi nthaka yoilandira. Njira yodziyesera ndi iyi: mukanena mfundo, lozani mawu mu ndakatulo omwe akuichirikiza. Chala chikasowa polozera, mfundoyo ndi yanu, si ya ndakatulo.

Matenda achiwiri ndi kuthamangira kunena kuti nthaka ndi mayi. Mutu wa ndakatulo ungatikokere kumeneko, koma “munda wa amayi” kwa Mchewa ndi mawu wamba a umwini. M'midzi ya chikamwini munda umatsata mbumba, ndipo mkamwini amalima pa malo a kuchikazi, ngakhale kuti m'mabanja ena a Chingoni kuno zimayenda mosiyana. Amayi a mu ndakatulo si chifaniziro cha nthaka yobereka ndi kuvutika mwakachetechete. Ndi mlimi amene amamanga nkhokwe, amatsutsa anansi, amagwada n'kufufuza. Tikawasandutsa “mayi nthaka” tawalanda nzeru zawo, zomwe ndi nzeru zokhazo zolongosoka mu ndakatulo yonse.

Ndipo kuwerenga moona mtima kuyenera kunenanso pomwe ndakatulo yaperewera. Ndinamuuza msuweni wanga pakhonde pomwe paja kuti “tinabwezako chiyani?” likuika katundu yense pamutu pa banja. Banja lopanda ng'ombe libweza manyowa ochokera kuti? Amene chimanga chimamuthera mu Disembala, n'kumakalima ganyu m'minda ya ena nthawi yopalira wake, angagoneke bwanji gawo la munda? Mtengo wa chimanga pa nthawi yokolola, pomwe ogula amabwera ndi masikelo awo m'misika ya m'malire, suli mu ndakatulomu, chonsecho nawo ndi khomo lotulukira chonde. Iye anandiyankha kuti, “Asuweni, amayi sanafunse boma, anafunsa ife.” Ndinamumvetsa, koma ndikuonabe kuti ndime ya adubu ikanatha kunyamula mzere umodzi wa sikelo.

Ndime yomaliza imayamba ndi “koma”, ndipo mawu oti chakuda bii asasokoneze munthu: mlimi akati chimanga chada, ndiye kuti chabiriwira kwambiri, chakhuta. Msangu ndi mtengo wochita zosiyana ndi inzake. Umayoyola masamba mvula ikayamba, nthawi yomwe mitengo ina ikuphuka, motero suphimba mbewu, ndipo masamba akewo amaolera pomwepo chimanga chikumera. Uli m'banja la nyemba, mizu yake imathandiza kukolola nayitirojeni wa mumpweya. M'chilimwe umakhala ndi masamba ndi zipatso, ng'ombe zimabwera kudzausa pamthunzi ndi kudya zipatsozo, n'kusiya ndowe. Mlakatuli watchula zonse ziwiri, mtengo ndi ng'ombe, ndipo wachita bwino, chifukwa chonde cha pamalopo ndi ntchito ya onse awiri. Koma taonani nthawi ya mneni: ng'ombe “zinkagona”. Sizikugonanso. Kaya zinagulitsidwa kaya zinafa, kachigawo kachonde aka nako kakudya zosungidwa kale, monga munda wonse unkachitira mu 1993.

Apa aneni abwereranso kwa munthu. Amayi agwada, afukula, aonetsa. Chida sichilinso khasu lolira lija koma chala, ndipo chala sichingalowe pa katondo wouma wa mu ndime yachiwiri. Kungoti chalowa, ndiye kuti dothi la pansi pa msangu ndi lofewa ndi lachinyontho. Nyongolotsi sikhala pomwe palibe zoolerana zoti idye, motero alimi ndi alangizi omwe amaiwerenga ngati umboni wa dothi lamoyo. Msuweni wanga anandiuza kuti poyamba analemba “nyongolotsi” basi, ndipo mawu oti “imodzi” anawaonjezera atapita kukafukula yekha pamalopo ndi kuwerenga zomwe anapeza.